Chimera kapena kusasitsa: mawere ndi mapira safuna njira imodzi

Njira zonse ziwiri zimalimbana ndi faiteti, chinthu cha mu njere chomwe chimagwira ayironi, zinki ndi kashiamu kuti thupi lisazitenge. Mawere ali ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 350 pa magalamu 100, koma si yense amene amalowa m'thupi.

Pa phala la mwana, ine ndimasankha chimera cha mawere. Mumaviika mawere usiku umodzi, kukhetsa madzi, n'kuwafundika ndi chiguduli chonyowa masiku awiri kapena atatu. Akatulutsa timizu toyera, yanikani padzuwa mpaka aume gwa, kenako mugaye. Mphamvu yake mudzaiona pa phala lolimba loti mthiko uimirire. Liphuleni, lizizireko mpaka chala chipirire, muthire supuni yaing'ono imodzi ya chimera pa kapu ya phala. Pakatha mphindi zochepa limasungunuka popanda kuthira dontho la madzi, ndiye mwana amamwa chakudya chambiri m'kamimba kake kakang'onoko. Mukathira likubwata, chimera chimafa ndipo phala silisintha. Likasungunuka, libwatitseninso, chifukwa chimeracho ndi chosaphika.

Vuto la chimera ndi chuku. Nyengo ya mvula sichiuma msanga, ndipo chikachita mawanga akuda kapena obiriwira, kapena kununkha chinyezi, n'chotaya basi. Kutsuka sikuchotsa poizoni wa chuku.

Mapira ndiye amafuna kusamala. Akamera, timizu ndi timphukira take timakhala ndi poizoni wa mtundu womwe uli mu chinangwa chowawa. Chimera cha mapira chikauma, chifikiseni m'manja ndi kupeta pa lichero kuti timizuto tichoke, ndipo chisadyedwe chachiwisi. Kwa mwana wamng'ono, ine sindilimbana nazo zimenezi: mapira ndimasasitsa.

Kusasitsa n'kosavuta. Kapu imodzi ya ufa, makapu awiri a madzi, mu ndowa yovindikira, tsiku limodzi kapena awiri pamalo potentherako. Mukathirako pang'ono zotsala za ulendo watha, zimasasa msanga. Kuwawasako kumathandiza kuphwanya faiteti, kumachepetsa kukhakhala kwa mapira ofiira, komanso tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba sitichulukana bwino m'phala lowawasa. Fungo labwino ndi longa la matsukwa. Likamveka ngati chowola, kapena pamwamba pakamera ubweya, zalakwika. Koma phala losasitsa limalimbabe mukaphika, ndipo ana ena amalikana.

Thobwa limaphatikiza zonse: chimera chimasungunula ndi kutsekemeretsa phala, kenako limasasa likagona. Lagona usiku umodzi ndi labwino kwa banja lonse. Likapitirira masiku atatu nyengo yotentha ya Okutobala, n'kuyamba kuchita thovu ndi kuluma lilime, limenelo layamba kusanduka mowa, musapatse ana.