Ndemanga: Occlusion Culling ya mu Unity, nditaigwiritsa ntchito miyezi itatu

Ndikupanga gemu ya kabaza, ndipo tawuni yake ndinatengera Mzuzu wathu yemweyu, kuchokera kumsika mpaka ku Chibavi. Muli nyumba ndi maokala pafupifupi 600. Kamera ikakhala mumsewu, maso amangoona nyumba za kutsogolo, koma foni inkajambula ndi zonse zobisika kumbuyo kwake, mpaka kutentha m'manja. Paokha Unity, pulogalamu yopangira magemu, amangosiya zimene zili kumbali ndi kumbuyo kwa kamera. Zotchingidwa ndi khoma amazijambulabe. Occlusion Culling ndiyo imaletsa kujambula zobisika zoterezi.

Kuyiyika sikuvuta. Nyumba zonse ndinaziika Occluder Static ndi Occludee Static, kutanthauza zosasuntha zimene zimatchinga komanso kutchingidwa, ndinatsegula Window > Rendering > Occlusion Culling, n'kudina Bake, imene imawerengeratu chimene chikutchinga chinzake. Ulendo woyamba Batches pa Stats, chiwerengero cha magulu a zinthu zimene zikujambulidwa, anangotsika kuchoka pa 1,900 kufika pa 1,500, ndipo ndinakhumudwa.

Vuto linali Smallest Occluder. Imabwera ili pa 5, kutanthauza kuti chinthu chochepera mamita asanu sichiwerengedwa bwino ngati chotchinga. Nyumba zanga zambiri ndi zing'onozing'ono, maokala ndiye osanena. Nditatsitsa kufika pa 2, Bake inatenga nthawi ndipo fayilo inakula, koma Batches anagwa kufika pa 430 ndili pakati pa msika. Foni inazizira. Pa Visualization ndinkaona ndi maso nyumba za mzere wachiwiri zikuzimiririka kamera ikangokhota.

Chinandizunza kwambiri ndi mpanda wa zigwagwa. Pakati pa matabwa ndinasiya mipata yopyapyala ngati mmene imakhalira mipanda ya kuno, koma Smallest Hole inali pa 0.25. Mpata wochepera pamenepo umatengedwa ngati khoma lathunthu, choncho nyumba ya kuseri inkasowa, ukayandikira n'kutulukira mwadzidzidzi. Mukaona zinthu zikuphethira chonchi, yambani mwakayikira nambala imeneyi. Ine sindinaichepetse, ndinangochotsa Occluder Static pa mipanda, mitengo ndi magalasi. Zinatheka.

Koma zoti nyumba yobisika siidya kanthu, ayi, musazitenge choncho. Siijambulidwa, zoona, koma imakhalabe mu memore, ndipo purosesa imagwira ntchito yofufuza chobisika pa felemu iliyonse. Kamera ndikaikweza pamwamba ngati munthu waima pachitunda, pafupifupi denga lililonse limaoneka ndipo phindu lonse limatha. Minibasi yoyenda imatha kubisidwa ndi nyumba, koma iyo singabise kanthu. Ndipo mukasuntha nyumba imodzi yokha, Bake ndi kuyambiranso.

Chinanso, ndinali nditaphatikiza mashopu a mzere wonse kukhala chinthu chimodzi. Kakona kamodzi kakangoonekera, mzere wonse unkajambulidwa. Ndinawagawa anayianayi.

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati gemu yanu kamera imayenda pansi m'timisewu tothinana, igwiritseni ntchito. Gawo langa la njira ya ku Nkhata Bay, kopanda zotchinga, ndinangoichotsa pa kamera.