Ndemanga ya pulogalamu yojambulira ndondomeko: swimuleni inatithandiza pomwe fulotchati inalephera

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za kayendetsedwe ka bungwe, ndipo pulogalamuyi tinaigula kuti tijambule ndondomeko yogulira katundu, kuyambira pamene dipatimenti yapempha chinthu kufikira pamene wogulitsa walipidwa. Ndondomekoyi imadutsa m'madipatimenti anayi: opempha katundu, a zachuma, ogula katundu ndi osunga katundu. Mukatsegula pulogalamuyi imakufunsani kuti musankhe pakati pa `Flowchart` ndi `Swimlane`, koma siilongosola nthawi yoyenera kugwiritsa ntchito chilichonse mwa ziwirizi, ndipo ndemanga yangayi yagona pamenepo.

Tinayamba ndi fulotchati wamba, ndipo mbali imeneyi ya pulogalamu ndilibe nayo chifukwa. Zizindikiro zake ndi zodziwika, zomwe zili mu muyezo wa ISO 5807 wa 1985: bokosi la ngodya zinayi limaimira ntchito, dayamondi imaimira funso lofuna chigamulo, ndipo muvi umaonetsa kumene ntchito ikulowera. Tinajambula mabokosi 14 motsatana, ndipo aliyense amene anaona chithunzicho anavomereza kuti n'cholondola. Komabe chithunzi cholondolacho sichinatiuze chifukwa chake mainvoyisi ena ankakhala nthawi yaitali osalipidwa, pakuti fulotchati imayankha funso lakuti chikubwera pambuyo pake n'chiyani, ndipo siikakamiza wojambula kunena kuti wochita chinthucho ndani. Bokosi lolembedwa kuti invoyisi ikonzedwe linkaoneka bwino lomwe, ngakhale panalibe dipatimenti imene inkaiona ntchitoyo ngati yake.

Swimuleni imagawa tsamba m'zigawo zopingasa kapena zoimirira, chigawo chilichonse cha dipatimenti imodzi, ndipo bokosi lililonse liyenera kukhala m'chigawo cha mwini wake. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi buku la Geary Rummler ndi Alan Brache la 1990, lomwe linkanena kuti mavuto ambiri a bungwe amabisala pamene ntchito ikuchoka m'manja mwa dipatimenti ina kupita kwa ina. Titasamutsira mabokosi 14 aja m'zigawo zinayi, tinawerenga mivi yodutsa malire a zigawo ndipo tinaipeza 7. Pempho limachoka kwa opempha kupita kwa a zachuma kuti aone ngati bajeti ilipo, ndipo ngati palibe limabwerera komwe lachokera. Ngati ilipo limapita kwa ogula katundu, amene amalemba oda n'kutumiza kope lina kwa osunga katundu ndi lina kwa a zachuma. Katundu akafika, osunga amamupereka kwa amene anamupempha ndipo amatumiza chikalata cholandirira katundu kwa a zachuma, omwe amafananitsa oda, chikalatacho ndi invoyisi asanalipire.

Vuto linaonekera pa dayamondi yofananitsira zikalata zitatuzi. Mbali yakuti inde inali ndi njira yake yopita ku malipiro, koma bokosi la mbali yakuti ayi linasowa chigawo cholowamo. Tiyerekeze kuti oda inali ya mipando 50, osunga katundu alandira 45, koma invoyisi yalembedwa 50. A zachuma ankaika invoyisiyo pambali podikira kuti ogula katundu alankhule ndi wogulitsa, ogula katundu sankadziwa n'komwe kuti pali kusiyana poti chikalata cholandirira katundu sichinkawafika, ndipo osunga katundu ankaona kuti yawo yatha atangosaina. Pa fulotchati zonsezi zinali bokosi limodzi losalakwa. Pa swimuleni bokosilo linakhala pamalire, ndipo akuluakulu a madipatimenti anayenera kugwirizana kuti likhale kwa ogula katundu, n'kuwonjezera muvi wachisanu ndi chitatu wochokera kwa a zachuma wowadziwitsa za kusiyanako. Pa chifukwa chimenechi chokha, ndikuona kuti pulogalamuyi inagwira ntchito imene tinaigulira.

Sindikunena kuti swimuleni ndi yabwino paliponse. A zachuma atafuna kujambula mmene iwo okha amaunikira invoyisi, kunali mafunso ambiri otsatizana: ngati msonkho wawerengedwa bwino, ngati nambala ya invoyisi sinalipidwepo kale, ngati ndalamazo zikuposa malire amene wovomereza ali nawo. Ntchito zonsezi zili m'manja mwa dipatimenti imodzi, choncho pa swimuleni zinapanikizana m'chigawo chimodzi pamene zigawo zitatu zinali mbee, ndipo mivi inayamba kupiringizana chifukwa chosowa malo. Pamenepo tinabwerera ku fulotchati, ndipo pa swimuleni tinangosiya bokosi limodzi lolozera ku chithunzi chinacho. Njira imene ndimatsata tsopano ndi kuwerenga kaye kuti ntchito ikusintha manja kangati. Ngati ikusintha kamodzi kapena kawiri, ndipo chovuta ndi zigamulo, fulotchati yokhala ndi dzina la dipatimenti mkati mwa bokosi imakwana. Ngati ikupita n'kubwerera pakati pa madipatimenti atatu kapena kuposa, ndipo madandaulo ndi akuti chinthu chaima koma sizikudziwika kuti chaima kwa yani, swimuleni ndiyo yoyenera.

Pa kagwiridwe ka pulogalamuyi, chimene ndayamikira kwambiri n'chakuti bokosi likaikidwa m'chigawo limamatirira, moti mukasuntha chigawocho mabokosi ake onse amapita nacho. Zimenezi n'zofunika chifukwa kasanjidwe ka zigawo ndi kamene kamachititsa kuti chithunzi chiwerengeke: madipatimenti amene amapatsirana ntchito kawirikawiri ayenera kuyandikana, apo ayi mivi imadumpha zigawo ziwiri kapena zitatu. Pulogalamuyi imalolanso kuika wogulitsa m'bwalo lapadera kunja kwa zigawo za bungwe, monga zimakhalira mu BPMN 2.0, muyezo wa zizindikiro zojambulira ndondomeko za ntchito, ndipo n'zoyenera popeza ife sitilamulira zochitika mkati mwa kampani yake.

Zofooka zilipo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Palibe njira yosandutsira fulotchati kukhala swimuleni mwa kungodina, choncho bokosi lililonse limakokedwa ndi dzanja, ndipo mukasintha malo a zigawo mivi ina imadutsa pamwamba pa mabokosi mpaka muiwongole umodziumodzi. Choipa kwambiri chili posindikiza: chithunzi chikatalika n'kulowa patsamba lachiwiri, mayina a zigawo sabwerezedwa, kotero wowerenga tsambalo sadziwa kuti chigawo chachitatu ndi cha yani, zomwe zimachotsa phindu lenileni la swimuleni. Ife tinachita kudula ndondomekoyi pawiri, pamene oda yatumizidwa, kuti chithunzi chilichonse chikwane patsamba limodzi.

Pali zina zimene si vuto la pulogalamu koma malire a kajambulidwe kameneka. Ntchito imene madipatimenti awiri amachitira limodzi, monga kuyendera katundu wofika, ilibe malo abwino, ndipo ife tinaiika kwa osunga katundu chifukwa ndi amene amasaina, osati kuigoneka pamalire. Zigawo zikapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chithunzi chimayamba kutopetsa maso, ndipo zigawo zizitchedwa ndi udindo kapena dipatimenti, osati dzina la munthu, kuti chithunzi chisathe ntchito wina akasamutsidwa. Swimuleni siionetsanso nthawi imene chikalata chimadikira, choncho masiku odikirawo tinawalemba pafupi ndi muvi uliwonse wodutsa malire.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha mayina a zigawo amene amasowa posindikiza.