Reti ya pafoni si imene imafika m'manja mwa amayi

Abale anga a kumudzi, ndikulemba ndili kuno ku Joni, chifukwa ndatopa ndi mauthenga akuti "achimwene, randi yakwera, bwanji mwatumiza zochepa?" Munthu watsitsa pulogalamu yoonera mareti pafoni, walemba ZAR mbali ino, MWK mbali inayo, yamuonetsa nambala, basi wayamba kuwerengera ndalama za mnzake. Nanenso ndimagwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa, ndipo ali ndi ntchito yake. Koma nambala imene amaonetsa si imene munthu amalandira, ndipo wosadziwa zimenezi amadyeredwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Mapulogalamu ambiri amaonetsa reti ya pakati, imene ena amailemba kuti mid-market. Imakhala pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira ndalama, ndipo makampani ambiri sangakupatseni reti imeneyo. Mu 2024 ndinkafuna kutumiza R2,000. Foni inkati randi imodzi ndi K96, kutanthauza K192,000. Kampani ina inali italengeza paliponse kuti kutumiza ndi kwaulere. Zoonadi sanandidule kalikonse poonekera, koma reti yawo inali K90. Amayi analandira K180,000. K12,000 inasowera mu retimo, pafupifupi R125, ndiye kuti kuposa 6 peresenti ya ndalama yonse. Ulere wake ndi umenewo? Ndipo potapa ndalamayo kwa ejenti wa pafoni kumudzi anadulidwanso ina.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wogwira ntchito pa kauntala ya kampani ina yotumiza ndalama. Kwawoko amadula R60 poyera. Nditadandaula, anatenga kapepala nkulemba: R2,000 kuchotsa R60, yotsala R1,940, kuchulukitsa ndi reti yawo ya K95, yankho K184,300. Kenako anati, "Bambo, musamafunse kuti tikudula zingati. Muzifunsa kuti kumudzi alandira zingati, mugawe ndi marandi onse amene mwatulutsa m'thumba. Reti yeniyeni ndi imeneyo." Kwa iwo inatuluka K92, kwa aulere aja K90. Anandiuzanso kuti tsiku limene ena apose reti yawo ndidzapite komweko. Anthu otere ndi osowa m'tauni muno. Kuyambira pamenepo pulogalamu ya mareti ndimaigwiritsa ntchito ngati muyeso basi: ndimaona nambala yake, ndimaona ya kampani, kusiyana kwake ndiye mtengo wobisikawo.

Pali china chimene pulogalamuyi sikuuzani. Reti ya kwacha imene imaonetsa ndi yovomerezeka, yotsatira imene Reserve Bank of Malawi imalengeza. Mukayang'ana mzere wa dola ndi kwacha, umakhala wowongoka miyezi yambiri kenako nkugwa usiku umodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Belu lochenjeza limene mumatchera pafoni limalira zinthu zitachitika kale. Limathandiza pa randi ndi dola, zimene zimasinthasintha tsiku ndi tsiku, koma pa kwacha silingakupulumutseni. Komanso pamene mzere uja wangoti zii, mitengo ya simenti, malata ndi feteleza imakhala ikukwera, chifukwa ogulitsa ambiri amapeza dola pa msika wamseri pomwe ndi yodula kwambiri. Sindikukutumani kumeneko ayi. Ndi mlandu, ndipo ndikudziwa anzathu amene anapereka marandi kwa munthu wolonjeza reti yonona, kumudzi osafika ngakhale tambala, nambala yake osapezekanso.

Tsopano za kusunga, pamene panandipweteka kwambiri. Chakumayambiriro kwa Novembala 2023 tinaika K1,000,000 ya malata mu akaunti yotsekera chaka, chiwongoladzanja 12 peresenti. Nthawi imeneyo randi inali pafupifupi K64, ndiye ndalamayo inali thukuta la pafupifupi R15,600. Pulogalamu yowerengera zosunga inkandionetsa manambala obiriwira mwezi ndi mwezi, kakamzere kakukwera bwinobwino, ndipo chaka chitatha inati phindu ndi K120,000.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa K120,000 ija banki inachotsa msonkho wa 20 peresenti, K24,000, umene pulogalamuyo sinautchule nkomwe. Yotsala K96,000, zonse pamodzi K1,096,000. Chaka chimenecho mitengo ya zinthu ku Malawi inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, kutanthauza kuti katundu wa K1,000,000 ankafuna cha m'ma K1,300,000. Tinaperewera ndi ndalama zoposa K200,000, foni ikutiyamikira kuti tapindula. Mukaibweza ku randi pa K96, K1,096,000 ija ndi pafupifupi R11,400. Marandi oposa 4,000 anapita popanda wakuba wothyola chitseko. Malata amene tikanagula tsiku loyamba lija akanakhala ali padenga.

Choncho mukaona peresenti pafoni, musaombe m'manja msanga. Funsani ngati ndi ya pachaka kapena ya pamwezi, chotsani msonkho, kenako yerekezani ndi kukwera kwa mitengo kumene National Statistical Office imalengeza mwezi uliwonse. Ngati chiwongoladzanja chili pansi pa nambala imeneyo, ndalama yanu ikuchepa, kaya mzere ukhale wobiriwira chotani. Ngakhale ngongole zobwereketsa boma za masiku 364, zimene mu 2024 zinkapereka cha m'ma 26 peresenti, ukachotsa msonkho zinkatsalirabe kumbuyo kwa mitengo, ngakhale zinali bwino kutalitali poyerekeza ndi akaunti wamba. Ndalama ya chinthu chimene mukuchidziwa kale, monga malata kapena feteleza, gulani chinthucho. Imene ilibe ntchito msanga ine ndimaisiya mu randi kuno, komwe chiwongoladzanja chimaoneka chochepa koma chimaposa kukwera kwa mitengo, ndipo ndimatumiza ikafunika.

Samalaninso ndi mapulogalamu akuti ndi aulere sabata yoyamba koma amafuna nambala ya khadi la kubanki. Ina inkandidula R89 mwezi uliwonse mwakachetechete, pomwe ntchito yake ndi kungoonetsa reti imene ili poyera pa tsamba la Reserve Bank of Malawi. Kufufuta pulogalamu pafoni sikuletsa kudulako, muyenera kulowa pamene pamalembedwa Subscriptions nkuletsa pamenepo.

Ndipo inu achinyamata amene mukunditumizira zithunzi za mapulogalamu olonjeza 10 peresenti pa sabata, ndikuuzeni mosabisa: mukulota. Mu 2024 boma lenilenilo linkabwereka pa 26 peresenti pa chaka chathunthu, ndiye munthu wosadziwika nkhope angakupatseni bwanji zoposa 500 peresenti? Nambala ikukula pagalasipo ndi yongolembedwa ndi mwini pulogalamu. Mnzanga wina wa ku Mangochi anaikamo R3,000, foni nkumuonetsa R7,000. Pofuna kutapa anamuuza kuti ayambe walipira R800 yotsegulira. Analipira, akauntiyo nkutsekedwa. Pulogalamu yongoonetsa mareti siyenera kugwira ndalama yanu, ndipo imene ikufuna kuigwira iyenera kukhala ndi chiphaso. Kuno mumafufuza dzina ndi nambala ya chiphasocho pa tsamba la FSCA, bungwe loyang'anira makampani azachuma ku South Africa, kumudzi mumafunsa ku Reserve Bank of Malawi. Ikakhala kuti palibe, kapena akukuuzani kuti mubweretse anzanu atatu kuti phindu likwere, musaikemo ngakhale K500, ndipo musandipemphe marandi oti mukayesere.