Ndemanga: rauta ya simu kadi ndi yothamanga, koma adiresi yake ndi ya tonse (nyenyezi 3 mwa 5)

Pa liwiro ndilibe dandaulo. Rauta iyi mumangoikamo simu kadi, kuyatsa, basi intaneti yabwera, ndipo mavidiyo ndi misonkhano ya pa intaneti zimayenda bwino kupatula madzulo anthu akachuluka. Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha chinthu chomwe sichinalembedwe pa bokosi kapena pa pepala la mgwirizano: kampani ya netiwekiyi imakuikani kumbuyo kwa CGNAT, kutanthauza kuti adiresi ya pa intaneti yomwe dziko limakuonerani si yanu nokha. Mumagawana ndi makasitomala ena omwe simudzawadziwa, ndipo mmodzi wa iwo akalakwa, chitseko chimatsekekera nonse.

Mutha kudzionera nokha. Lowani pa tsamba la rauta yanu, pezani pomwe palembedwa WAN IP. Yanga imaonetsa nambala yoyamba ndi 100.72. Kenako funsani kunja kuti akukuonani ndi adiresi yanji, polemba lamulo ili mu Terminal kapena Command Prompt pa kompyuta yolumikizidwa pa rautayo:

```
curl -4 ifconfig.me
```

Ikatuluka nambala yosiyana ndi ya pa rauta ija, ndiye kuti pakati pa inu ndi intaneti pali makina ena a kampani omwe akusintha adiresi yanu. Manambala onse kuyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255 anapatulidwa mu 2012 kuti azigwira ntchito imeneyi yokha, ndipo sayenda pa intaneti ya kunja. Makampani ena amagwiritsa ntchito oyamba ndi 10, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Kunena chilungamo, kampaniyo sikuti ikuchita nkhanza. Maadiresi a mtundu wakale wotchedwa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya bungwe la IANA, lomwe limagawa maadiresiwa padziko lonse, inatha mu February 2011. Mafoni ndi marauta achuluka kwambiri moti n'zosatheka kupatsa aliyense adiresi yakeyake. Chomwe amachita n'kugawa adiresi imodzi pogwiritsa ntchito mapoti, omwe ndi manambala osiyanitsa kulumikizana kwina ndi kunzake. Adiresi iliyonse ili ndi mapoti 65,535, ndipo mukachotsapo oyambirira osafika pa 1,024 amatsala 64,512. Tiyerekeze kuti kampani ikupatsa kasitomala aliyense mapoti 512: ndiye kuti anthu 126 akwanira pa adiresi imodzi nthawi imodzi. Ikawapatsa ochepa, anthu achulukirapo. Makina a kampani amadziwa kuti poti iyi ndi ya uje, koma webusaiti yomwe mukupitako imangoona adiresi imodzi ikugogoda kambirimbiri.

Vuto linandipeza pa webusaiti ya kuntchito, pomwe timalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi. Tsamba linangosiya kutseguka, kumangozungulira mpaka kulephera. Mawebusaiti ena onse ankatseguka bwinobwino, choncho sinali nkhani ya bandulo kapena siginolo. Nditayesa pa netiweki ina, tsamba lomwelo linatseguka nthawi yomweyo. Chizindikiro chake n'chimenecho: malo amodzi okha akukukanani, pa netiweki imodzi yokha, pa foni ndi pa kompyuta pomwe.

Mnzathu woyang'anira seva anafufuza n'kundiuza kuti, "Adiresi yanuyo ili pa mndandanda wa otsekeredwa, koma amene analakwitsa si inu." Seva yathu ili ndi pulogalamu ya fail2ban, yomwe mukangoisiya momwe imabwerera imatsekera adiresi iliyonse yomwe yalakwitsa mawu achinsinsi kasanu m'mphindi 10. Iye anali atatalikitsa chilangocho kuchoka pa mphindi 10 kufika pa tsiku lathunthu. M'kaundula wa seva munaoneka kuti kuchokera pa adiresi yomweyo panabwera mayina monga admin ndi test motsatizana, liwiro loti munthu wolemba ndi zala sangafikepo. Mwina inali foni ya munthu wina yomwe inalowedwa ndi pulogalamu yoipa, mwini wake osadziwa n'komwe. Pulogalamu yotetezayo inagwira ntchito yake ndendende. Kungoti imawerenga adiresi ngati munthu mmodzi, pomwe adiresiyo ili ngati geti la nyumba za lendi: mukalikhoma pofuna kutsekera wakuba mmodzi, alendi onse agona panja.

Chinandiwawa kwambiri n'choti wolakwayo ndi amene amathawa mosavuta. Akazimitsa deta n'kuyatsanso, nthawi zambiri amagwera pa adiresi ina, ndipo chilango chimatsalira amene wangopatsidwa kumene adiresi yakaleyo. Woyang'anira seva akatopa n'kutsekera gulu lonse la maadiresi, mwachitsanzo /24 yomwe ili ndi maadiresi 256, pa chiwerengero chathu chija cha 126 ndiye kuti anthu opitirira 32,000 atha kukhudzidwa ndi mzere umodzi wokha womwe walemba.

Sikuti nthawi zonse amakutsekerani kotheratu. Kawirikawiri zimabwera pang'onopang'ono: kufunsidwa mobwerezabwereza kuti musankhe zithunzi posonyeza kuti ndinu munthu, kapena uthenga wa 429 Too Many Requests pomwe mwangotsegula tsamba kamodzi. Malire omwe webusaiti inaikira munthu mmodzi amakhala atadyedwa kale ndi anzanu a pa adiresi.

Mankhwala achangu ndi kuzimitsa rauta n'kuyatsanso, kenako kubwereza lamulo lija kuti muone ngati nambala yasintha. Kwa ine imasintha nthawi zambiri, koma osati nthawi zonse, ndipo mutha kugweranso pa ina yodetsedwa kale. Mnzathu uja anakonza mbali yake mwanzeru: anafupikitsa nthawi ya chilango, ndipo tsopano kulakwitsa kumawerengedwa pa dzina la munthu wolowa, osati pa adiresi yokha. Anayambanso kusunga poti yochokera ndi nthawi yeniyeni m'kaundula, chifukwa popanda ziwirizi ngakhale kampani ya netiweki singadziwe kuti mwa anthu onsewo wolakwa anali uti.

Osamalira makasitomala ku kampaniko ndi aulemu, koma woyamba kuyankha sanalidziwe n'komwe dzina la CGNAT, anangoti ndiyang'ane ngati bandulo ilipo. Wachiwiri ndiye anamvetsa, n'kunena kuti adiresi yangayanga amapereka kwa makasitomala a bizinesi okha, polipira mwapadera. Nditafunsa za IPv6, mtundu watsopano womwe uli ndi maadiresi ochuluka kwambiri, anati pa phukusi langa palibe. Apa ndiye pandikhumudwitsa, chifukwa pa IPv6 chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa netiweki ya mafoni chimapatsidwa chigawo chakechake cha maadiresi chotchedwa /64, moti webusaiti itha kutsekera wolakwa yekhayo osakhudza ena. Rautayo payokha ili ndi malo oyatsira IPv6, koma netiweki ndiyo sikuipereka.

Dziwaninso kuti gawo la Port Forwarding pa rautayi, lomwe limatsegulira njira wochokera kunja kuti afike pa makina a m'nyumba mwanu, ndi chokongoletsera chabe mukakhala kumbuyo kwa CGNAT. Mutha kulembamo manambala onse molondola, koma wochokera kunja amathera pa makina a kampani, safika kwa inu. Makamera a pakhomo omwe amadutsira pa seva ya wopanga wake amagwira ntchito, koma ofuna kulumikizidwa mwachindunji sagwira.

Ngati ntchito yanu ndi kuonera mavidiyo, kucheza ndi kutumiza mauthenga, gulani, mwina simudzazindikira n'komwe zonsezi. Ngati mumalowa tsiku ndi tsiku pa seva zokhwimitsa chitetezo, kapena mukufuna kufikira makina a kunyumba muli kutali, funsani mafunso awiri musanalipire: kodi amapereka IPv6, nanga adiresi yanuyanu ya IPv4 ingapezeke pa phukusi lomwe mukugulalo?