Kapu ya msambo: zomwe ndaona patatha miyezi yambiri

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito kapu ya msambo, kakapu kofewa ka silikoni kolowetsa kumaliseche kuti kazilandira magazi, ndinkangoyamikira kuti ndasiya kugula mapadi. Pano papita miyezi yambiri, ndipo zomwe ndaona n'zakuti mavuto ambiri a kapu, kaya kudontha, kupweteka kapena kuvuta kutulutsa, amayambira pa chinthu chimodzi: pomwe khomo la chiberekero lili.

Pa bokosi amalemba kuti yaing'ono ndi ya osakwana zaka 30 amene sanaberekepo, yaikulu ndi ya amene anabereka kudzera njira yachibadwa. Zimenezo zimathandiza pa kukula kwa mlomo wa kapu, koma sizikuuzani za kutalika kwake. Musanagule, pa tsiku lomwe mukusamba, sambani m'manja n'kulowetsa chala mpaka mutakhudza kanthu kolimbirapo ngati nsonga ya mphuno. Limenelo ndilo khomo la chiberekero. Mukalipeza chala chitangolowa mfundo imodzi, lili pafupi, ndipo mukufunika kapu yaifupi. Chala chikalowa chonse osalipeza, gulani yaitali. Langa limatsika masiku awiri oyamba a msambo, choncho kapu yanga, ngakhale imalandira pafupifupi mamililita 25, masiku amenewo siidzaza mpaka pamwamba chifukwa khomolo limakhala litalowa m'kati mwake n'kutenga malo. N'chifukwa chake masiku amenewo ndimakhuthula msanga, pomwe masiku ena imatha kukhala maola 8 kapena kupitirira. Osadutsa maola 12 ayi.

Kuika kwake ndinazolowera pa msambo wachitatu. Ena amaipinda pakati kuti mlomo uoneke ngati chilembo cha C, koma kwa ine imakhala yonenepa kwambiri. Ndimakankhira mbali imodzi ya mlomo m'kati mpaka pansi pa kapu, nsonga yake n'kukhala yowonda. Ndimainyowetsa ndi madzi, n'kunjuta, kenako n'kuilowetsa molozetsa kumsana, osati m'mwamba. Ikalowa ndimazunguliza chala m'mbali mwake. Ngati pali pobonyoka ndiye kuti sinatseguke, ndipo ndimaigwira kumunsi n'kuitembenuza pang'ono. Mukaona magazi akudontha koma potulutsa kapu n'kupeza muli mbee, dziwani kuti yakhala pambali pa khomo la chiberekero, magazi akuidutsa. Mukapeza yodzaza, palibe cholakwika, yangofunika kukhuthula msanga.

Kutulutsa ndiye komwe ambiri amachita nako mantha. Kapu imamata chifukwa cha mpweya, ndiye kukoka kamchira kake kumangopweteketsa. Kamchirako n'kongokulozerani pomwe kapu ili. Finyani kumunsi kwa kapu kuti mpweya ulowe, kenako muziigwedeza uku ndi uku ikutsika. Ikakwera moti simukuifikira, njutani n'kutchima pang'ono, itsika. Singasochere m'mimba, chifukwa kabowo ka khomo la chiberekero n'kakang'ono zedi, kapu singadutsepo. Kamchira kakamakulasani mukakhala pansi, dulani pang'onopang'ono kapu ili kunja.

Kutsuka sikuvuta, koma pali pamodzi pomwe anthu amaiwala: timabowo ting'onoting'ono tomwe tili m'munsi mwa mlomo. Tikatsekeka, kapu siimata bwino ndipo imavuta kuchotsa. Ine ndimaidzaza madzi, n'kuvundikira ndi chikhato, n'kuifinya kuti madzi atulukire m'timabowomo. Ndimayamba ndi madzi ozizira chifukwa otentha amakhazikitsa banga, kenako sopo wopanda fungo. Msambo ukatha ndimaiwiritsa mphindi 5 mpaka 10 m'madzi ambiri kuti isapserere pansi pa poto, ikauma n'kuisunga m'kathumba kansalu, osati m'chotsekera chosalowa mpweya. Yanga yasintha mtundu, yayamba kufiirira, koma silikoni akadali wosalala. Chotayitsa kapu ndi kung'aluka kapena kunanda, osati mtundu.

Pokodza simuichotsa, chifukwa mkodzo uli ndi njira yakeyake. Ngati mukumva mkodzo pafupipafupi kapena ukutuluka movutikira, kapu ndi yolimba kwambiri ndipo ikupanikiza chikhodzodzo, yofewa ingakuyanjeni. Pogonana muichotse, ndipo siiteteza ku mimba. Mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna angaigwiritse ntchito, ngakhale kuti imatha kutanula kachikopa ka pakhomo, ndiye ayambe ndi yaing'ono. Amene ali ndi lupu ayambe afunsa kuchipatala, popeza kukoka kapu isanaleke kumata kungasunthe lupuyo, ndipo amene angobereka kumene adikire kaye mpaka adokotala atawalola. Matenda oopsa obwera ndi poizoni wa mabakiteriya amachitika mwa apo ndi apo kwambiri, koma mukatentha thupi mwadzidzidzi, kusanza, kuchita chizungulire kapena kutuluka zidzolo kapu ili m'kati, ichotseni n'kuthamangira kuchipatala.

Chomwe sichinandisangalatse mpaka pano ndi kukhuthula m'chimbudzi chomwe mpopi uli panja. Ndimayenda ndi kabotolo ka madzi, ndipo akasowa ndimangoipukuta ndi tishu n'kuibwezera, kukatsuka bwino ndikafika kunyumba.