Kuwirikiza mlingo wa atovasitatini kapena kuwonjezerapo ezetimibu?

Munthu ali pa atovasitatini wa 20 mg, mankhwala otsitsa kolesitolo a m'gulu la sitatini, wayezedwanso magazi patatha miyezi iwiri, LDL, kolesitolo woipa uja wa m'magazi, yatsika koma sinafike pomwe dokotala amafuna. Njira zimene zimabwera patebulo nthawi zambiri ndi ziwiri: kukweza mlingo kufika 40 mg, kapena kusiya 20 mg pomwepo n'kuwonjezera ezetimibu wa 10 mg. Kusiyana kwake kumamveka bwino tikayamba taona zimene sitatini amachita m'selo la chiwindi.

Chiwindi chimadzipangira kolesitolo, ndipo sitepe imene imalamula liwiro la ntchito yonseyo ndi pamene enzaimu ya HMG-CoA ridakitesi imasandutsa HMG-CoA kukhala mevaloneti. Mbali ina ya sitatini imafanana ndi HMG-CoA, choncho imakakhala pamalo pake pa enzaimuyo n'kuitseka. Komatu LDL ya m'magazi siitsika chifukwa cha kutsekako pakokha. Kolesitolo akachepa m'kati mwa selo, puloteni ya SCAP imanyamula puloteni ina yotchedwa SREBP-2 kupita naye ku Golgi, kachigawo kena ka m'selo, kumene amadulidwa kawiri. Chidutswa chomasukacho chimalowa mu nyukiliyasi n'kudzutsa jini yopanga malisepita a LDL, timapuloteni tokhala kunja kwa selo timene timagwira LDL n'kuilowetsa m'kati. Lisepita ikatula katundu wake imabwerera kunja kukagwira ina, ulendo umodzi pa mphindi pafupifupi 10.

Vuto la kukweza mlingo lagona pa SREBP-2 yemweyo. Iye sadzutsa jini ya malisepita yokha. Amadzutsanso jini ya HMG-CoA ridakitesi, ndiye selo limapanga enzaimu yochuluka kuti ilowe m'malo mwa yotsekedwayo. Amadzutsanso PCSK9, puloteni imene imamatirira lisepita n'kuikokera kumene ikaphwanyidwe m'malo moti ibwerere. Zili ngati kutunga madzi ndi ndowa yodontha. N'chifukwa chake mlingo woyamba umagwira ntchito yaikulu, pamene kuwirikiza kulikonse kumangowonjezera pafupifupi 6 peresenti ya LDL imene munthu anayamba nayo.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti LDL inali 4.8 mmol/L asanayambe mankhwala. Atovasitatini wa 20 mg amatsitsa pafupifupi 43 peresenti, ndiye yafika 2.7. Akapita pa 40 mg, 6 peresenti ya 4.8 ndi 0.3 basi, ndiye ayembekezere 2.4. Ngakhale 80 mg ingomufikitsa cha pa 2.1.

Ezetimibu amalowera khomo lina. Amatseka NPC1L1, puloteni ya m'matumbo aang'ono imene imayamwa kolesitolo, wa m'chakudya komanso wobwera ndi ndulu (ndipo wa m'ndulu ndiye wambiri, n'chifukwa chake mankhwalawa amagwira ngakhale kwa amene amasamala kadyedwe). Chiwindi chikamalandira wochepa kuchokera m'matumbo, chimawonjezera malisepita kudzera mwa SREBP-2 yemwe uja. Payekha ezetimibu ndi wofooka, chifukwa chiwindi chimangoyamba kupanga kolesitolo wambiri. Koma sitatini akakhala kuti watseka kale njira imeneyo, ezetimibu amachotsa 20 mpaka 25 peresenti ya LDL yotsalayo. Pa 2.7 paja, ndiye kuti 2.0 kapena 2.2. Piritsi limodzi la 10 mg lachita zimene zikanafuna kuchulukitsa atovasitatini kanayi.

Pa nkhani ya zovuta, za sitatini zimakula ndi mlingo: kuphwanya kwa minofu ya ntchafu ndi mapewa mbali zonse ziwiri, kukwera kwa enzaimu ya chiwindi ya ALT m'magazi, ndi kukwera pang'ono kwa shuga. Atovasitatini amaphwanyidwa ndi enzaimu ya CYP3A4, choncho amene akumwanso kilarithiromaisini kapena ritonaviri, mankhwala amene amatseka enzaimuyo, amakhala ndi mankhwala ochuluka m'magazi kuposa mlingo wolembedwa, ndipo kwa iyeyu kukweza n'kuputa ngozi. Minofu ikamapweteka kwambiri mkodzo n'kuda, ayeneka kuyezedwa CK, enzaimu yosonyeza kuwonongeka kwa minofu, tsiku lomwelo. Ezetimibu savuta chotero, kungoti ndi piritsi lachiwiri loti munthu azikumbukira.

Pali pamene kukweza kuyenera kukhala koyamba. Amene anadwalapo matenda a mtima kapena sitiroko yobwera ndi kutsekeka kwa mtsempha ayenera kukhala pa mlingo wamphamvu, atovasitatini 40 mpaka 80 mg kapena rosuvasitatini 20 mpaka 40 mg, chifukwa umboni wa kupewa kudwalanso ndi wolimba kwambiri kumeneko. Ezetimibu amabwera pamwamba pake. Koma kwa amene wafika pa mlingo umene thupi lake likupirira, LDL ikadali kutali ndi chandamale ndi 0.5 kapena kuposa, kuwirikiza sikungamufikitse.

LDL ikapanda kusuntha patatha masabata 4 mpaka 12, funso loyamba ndi loti mapiritsi akumwedwadi, kenako ayezedwe TSH, homoni yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, poti chithokomiro chofooka chimachepetsa malisepita. Ndipo njira zonse ziwirizi zimadalira kuti lisepitayo ikhalepo. Amene anatengera jini yowonongeka ya lisepita kwa makolo onse awiri, LDL yake imatha kupitirira 13 mmol/L, ndipo sitatini ndi ezetimibu womwe amangoitsitsa pang'ono, moti ena amafunika kusefa magazi ndi makina sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse.