HTTP/3 pa seva yanga patapita miyezi: yathandiza pati, pati ayi

"Achimwene, paja munati mwayatsa QUIC pa seva yanu ija, patha miyezi tsopano, yathandiza kapena ndi zongotchuka basi? Komanso ine chimandizunguza nchakuti UDP timaidziwa kuti imataya mapaketi osalabadira, ndiye webusaiti ingadalire bwanji chinthu chotero?"

QUIC ndi njira yotumizira deta pakati pa bulawuza ndi seva imene imayenda pa UDP m'malo mwa TCP, ndipo HTTP/3 imayenda pa iyo. Yathandiza koma osati paliponse, ndipo osati kwa aliyense. Seva yanga ndi ka VPS kakang'ono kali ku Frankfurt, pamayenda pulogalamu ya webu seva yotchedwa Caddy, ndipo anthu ambiri amene amatsegula saitiyo ali kuno kumudzi pa deta ya pafoni. Kwa amenewo kusintha kulipo ndithu, makamaka madzulo netiweki ikadzadza. Koma mnzanga amene ali ku Ulaya pa faiba ndinamufunsa akuti sakuona kusiyana kulikonse, ndipo sakunama, kwa iye seva ili pakhomo pomwepo.

Za UDP zija poyamba. Zoona UDP siilonjeza kalikonse, mutu wake ndi mabaiti 8 okha, poti yochokera, poti yopita, kutalika ndi chekisamu, basi. Siiwerenga kuti paketi yafika kapena ayi. Koma QUIC siidalira UDP kuti iziwerenga, ntchito yonse imene TCP imagwira, kupereka manambala ku mapaketi, kutumizanso zomwe zatayika, kuchepetsa liwiro njira ikadzadza, QUIC imagwira yokha mkati mwake. UDP yangokhala envulopu yoti katunduyo adutsire.

Ndiye mungafunse kuti bwanji osangopanga pulotokolo yatsopano yoima payokha pambali pa TCP ndi UDP. Vuto ndi zida zimene zili pakati pa foni yanu ndi seva, marauta a m'nyumba, ma NAT a makampani a foni, mafayawolo a m'maofesi. Zambiri mwa zimenezi zimadziwa TCP ndi UDP basi, china chachilendo zimangotaya. Pulotokolo ina yotchedwa SCTP inalipo kale kuyambira chaka cha 2000, ili ndi masitirimu angapo, kutanthauza mizere ya deta yoyenda payokhapayokha mu kulumikizana kumodzi, ngati QUIC yomweyi, koma pa intaneti ya tonsefe siinapite patali chifukwa cha zomwezi. Kukonza TCP yeniyeniyo nakonso nkovuta, chifukwa imakhala mu kenelo ya opareting'i sisitimu, ndiye kuti chatsopano chifike kwa anthu mpaka foni iliyonse ilandire apudeti, ndipo mukudziwa mafoni a Android amene anthu akugwiritsa kuno ena apudeti anasiya kulandira kalekale. Komanso mutu wa TCP umayenda poyera, zida za pakati zija zimausuzumira nkumachotsa zomwe sizikuzidziwa, TCP Fast Open, njira yofulumizitsa kuyamba kwa TCP, inavutika ndi zimenezi. QUIC imakhala mkati mwa bulawuza kapena apu, Chrome ikalandira apudeti QUIC nayo yasintha, ndipo pafupifupi zonse za mu paketi ndi zobisidwa moti wapakati alibe chogwira. Inayambira ku Google cha m'ma 2012 ndi Jim Roskind, kenako IETF, bungwe lokhazikitsa mapulotokolo a intaneti, inaitenga nkuikonzanso, inatuluka ngati RFC 9000 mu Meyi 2021, ndipo HTTP/3 imene ndi HTTP yoyenda pa QUIC inatuluka mu Juni 2022.

Phindu limene ndikuliona tsiku ndi tsiku ndi la poyambira kulumikizana. Ndikapanga `ping` kuchokera pa laini yanga kupita ku seva imazungulira pa mamilisekondi 200, nthawi zina kuposa, tiyeni tigwire 200 yomweyo. Pa TCP ulendo woyamba wopita ndi kubwera umathera pa SYN ndi SYN-ACK, mauthenga otsegulira kulumikizana, 200 yapita musanalankhule kanthu. Kenako TLS 1.3, imene imabisa deta, imatenga ulendo wina kugwirizana makiyi, yafika 400. Ndiye bulawuza ipemphe peji nkulandira baiti yoyamba, 600. Akakhala maseva akale a TLS 1.2 onjezanipo ulendo wina, 800. QUIC inaphatikiza ziwiri zoyambazo, uthenga woyamba wa TLS 1.3 umakwera mu paketi yoyamba yomweyo, ndiye ulendo umodzi kulumikizana kwatheka, wachiwiri peji yayamba kufika, 400. Mamilisekondi 200 angaoneke ochepa koma kumbukani kuti foni imatseka kulumikizana ikangokhala pang'ono osagwira ntchito, munthu akabwerera kudzadina china zonse zimayambiranso.

Kwa munthu amene anabwerapo kale pali 0-RTT, pempho limapita limodzi ndi paketi yoyamba pogwiritsa kiyi yotsala ulendo wathawu, ndiye pa chitsanzo chathu yankho limafika pa 200. Apa pali msampha woti muudziwe. Deta ya 0-RTT munthu wapakati angathe kuikopera nkuitumizanso kachiwiri, sangaiwerenge koma seva ingathe kuigwirira ntchito kawiri. Mabulawuza amangotumizamo zopempha zotetezeka ngati GET, ndiye ngati apu yanu ili ndi linki ya GET imene imafufuta chinthu kapena kutsimikiza oda, ikonzeni ikhale POST musanaganize za 0-RTT.

Chachiwiri ndi chimene chimachitika paketi ikatayika, ndipo ichi ndiye chimaoneka madzulo aja. HTTP/2 imatumiza mafayilo onse a peji, CSS, zithunzi, JavaScript, mu kulumikizana kumodzi kwa TCP. TCP imapereka mabaiti motsatana basi, ndiye paketi imodzi ya chithunzi ikasowa, zonse zimene zafika pambuyo pake zimaima mu kenelo kudikira, ngakhale zili za CSS zosakhudzana ndi chithunzicho. Zili ngati pa chigayo thumba la patsogolo mwini wake wachoka ndipo wogayitsa wakana kudumpha mzere, nonse mwangokhala chimanga chili m'manja. Pa laini ya 200 kudikira kumeneko ndi ulendo wina wathunthu. QUIC imadziwa kuti baiti iyi ndi ya sitirimu iti, ndiye sitirimu ya chithunzi yokha ndi imene imadikira, zina zimapitirira kwa bulawuza. Peji yanga ya katundu ili ndi tizithunzi tambirimbiri, kale inkaima yonse yoyera kenako nkutulukira kamodzi, pano mawu amabwera, zithunzi zikudzadza chimodzichimodzi, china chimachedwa koma munthu wayamba kale kuwerenga.

Koma musayembekezere zozizwitsa, QUIC siikulitsa paipi. Paketi ikatayika imachepetsabe liwiro la kulumikizana konse monga imachitira TCP, chifukwa kuwerengera kudzadza kwa njira ndi kumodzi kwa masitirimu onse. Ndipo ngati mukudawuniloda fayilo imodzi yaikulu sitirimu ndi imodzi, palibe wina wodumpha mzere. Pa fayilo za PDF zazikulu sindinaone phindu, pa waifai yabwino nthawi zina TCP imathamanga kuposa, chifukwa makadi a netiweki ndi kenelo akhala akuikonzera TCP zaka zambirimbiri pamene QUIC paketi iliyonse imadutsa mu pulogalamu. CPU ya ka VPS kanga imakwera pang'ono kuposa kale anthu akachuluka, sinafike pondidetsa nkhawa koma wa mavidiyo awerengere bwino.

Palinso zoti kulumikizana sikuduka mukasamuka netiweki, zimenezi amazitama kwambiri. TCP imazindikira kulumikizana ndi ma IP awiri ndi mapoti awiri, chimodzi chikasintha kwatha, pamene QUIC ili ndi nambala yake ya kulumikizana mu paketi ndiye mukachoka pa waifai kupita pa deta ingathe kupitiriza. Zimafuna kuti bulawuza ndi seva zonse zikhale zokonzeka kutero, ndipo pa saiti ya mapeji afupiafupi ngati yanga kunena zoona palibe amene angazindikire.

Chimene ambiri sakuuzani nchakuti mlendo woyamba nthawi zambiri salowa ndi QUIC. Bulawuza siidziwa kuti seva yanu imatha HTTP/3, ndiye imayamba ndi TCP monga kale, seva nkuiuza mu yankho kuti:

```
alt-svc: h3=":443"; ma=2592000
```

Ndiye ulendo wotsatira ndi pamene imayesa UDP pa poti 443, ndipo `ma` ndi masekondi amene izikumbukira, apa masiku 30. Ngati alendo anu ambiri ndi odina linki pa WhatsApp kamodzi osabweranso, 400 ija saiona. Pali rekodi ya DNS ya mtundu wa HTTPS imene mungalembemo `alpn="h3,h2"` kuti bulawuza idziwiretu isanalumikize, ngati amene amasunga DNS yanu amailola ikani.

Njira yomweyi ndi imene imabisa mavuto. UDP 443 ikakhala yotsekedwa bulawuza siidandaula, imangobwerera ku TCP mwakachetechete, saiti ikugwira bwinobwino, inu nkumauza anthu kuti muli pa HTTP/3 chonsecho palibe paketi ya QUIC ngakhale imodzi yafikapo. Caddy imayatsa HTTP/3 yokha kuyambira 2.6, webu seva ina ya nginx inayamba pa 1.25.0 koma mumalemba nokha `listen 443 quic reuseport;` ndi hedala ya Alt-Svc, koma fayawolo ndi Docker sizidziwa zimenezo, `-p 443:443` imatsegula TCP yokha.

```
sudo ufw allow 443/udp
docker run -d -p 443:443 -p 443:443/udp -v $PWD/Caddyfile:/etc/caddy/Caddyfile caddy
curl -I --http3-only https://example.com
```

Lamulo lomalizalo, mutalemba dzina la saiti yanu m'malo mwa example.com, ndiye mboni yeniyeni chifukwa silibwerera ku TCP, likakanika ndiye kuti njira ya UDP yatsekedwa penapake, bola curl yanu ikhale yomangidwa ndi HTTP/3, onani pa `curl -V` ngati pali `HTTP3`. Mu Chrome tsegulani DevTools pa Network, yatsani kolamu ya Protocol, rifuleshani kawiri, muone `h3` m'malo mwa `h2`. Onaninso fayawolo ya pa dashibodi ya kampani ya VPS, imakhala yosiyana ndi ya mkati mwa seva.

Mu malogi a Caddy mukaona mzere wokhala ndi mawu akuti `failed to sufficiently increase receive buffer size`, ndi bafa ya UDP ya Linux imene imabwera yaing'ono, anthu akachuluka mapaketi amatayikira pa seva panu pomwepo osati m'njira. Kwezani ndi `sudo sysctl -w net.core.rmem_max=7500000` ndi `net.core.wmem_max` chimodzimodzi, mulembenso mu `/etc/sysctl.d/` kuti isabwerere mukaribuuta. China ndi ma VPN ndi matanelo, QUIC imafuna kuti paketi ya UDP ya mabaiti 1200 idutse yathunthu, tanelo ikakhala yopapatiza kuposa pamenepo kulumikizana sikuyamba nkomwe.

Pali ofesi ina imene ndimapitako kukagwira ntchito, waifai yawo imatseka UDP 443 dala chifukwa fayawolo yawo siitha kusuzumira mu QUIC, kumeneko saiti yanga imaonetsa `h2` nthawi zonse ndipo palibe chimene ndingachite kumbali ya seva. Ndiye TCP 443 musaitseke, ziwirizi ziziyenda limodzi. Inuyo ngati seva ili kutali ndipo anthu anu ndi obwerabwera pa deta ya pafoni yatsani, ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma muyese ndi `--http3-only` kuchokera pa laini ya foni osati pa seva pomwepo.